Mwana akamangogona theka la ola masana: mafunso ndi mayankho

Mwamugoneka bwinobwino, mwatuluka m'chipinda monyang'ama, mwasonkha mbaula, mwatereka madzi a nsima. Ufa musanauthire n'komwe mukumva kulira kuchipinda. Mukayang'ana wotchi ya pafoni mupeza kuti padutsa mphindi 30, mwina 35, ndipo dzulo zinali chimodzimodzi, dzana chimodzimodzinso. Ndalera ana atatu, ndipo awiri mwa iwo anali otere. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndinkadzifunsa ndekha pa nthawiyo, komanso amene amayi anzanga amafunsana tikamadikira pamzere kusikelo.

N'chiyani chimamudzutsa pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ngati ali ndi wotchi m'mimba?

Kawirikawiri palibe chimene chimamudzutsa kuchokera kunja. Tulo ta munthu sitiyenda ulendo umodzi wosadukiza kuyambira pogona mpaka podzuka. Timayenda m'ndime, monga munthu amalimira kumunda: amamaliza ndime ina, n'kuweramuka pang'ono, kenako n'kuyamba ina. M'ndime iliyonse muli tulo topepuka ndi tulo tatikulu, ndipo kumapeto kwake munthu amafika pafupi kwambiri ndi kudzuka. Kwa ife akuluakulu ndime imodzi imatenga mphindi pafupifupi 90. Tikafika kumapeto timatembenuka, kukoka bulangete, n'kupitiriza, ndipo kukacha sitikumbukira n'komwe kuti tinatsegula maso. Kwa khanda ndime yake ndi yaifupi, siikwana ola limodzi. Ana ambiri amafika pamalire amenewa pakati pa mphindi 30 ndi 45.

Choncho mwana amene wagona theka la ola wamaliza ndime imodzi yathunthu. Chimene chamukanika n'kuoloka kupita ku ndime yachiwiri. Usiku amaoloka mosavuta chifukwa zinthu ziwiri zimamukankhira m'tulo nthawi imodzi: kutopa kumene kwaunjikana tsiku lonse, ndi thupi lenilenilo limene limadziwa kuti kunja kwada. Masana chachiwiricho palibe. Chimene chilipo ndi kutopa kokha, ndipo mphindi 30 zoyambazo zimakhala zitachotsa kale gawo lalikulu la kutopako. Akafika pamalire, tulo totsala timakhala tochepa, moti kanthu kakang'ono, kaya kuwala kwa pazenera kaya kuzindikira kuti bere lachoka m'kamwa, kamakwanira kumubweza kumaso.

Mukafuna kudzionera nokha, tsiku lina khalani pambali pake ndi wotchi. Chapakati pa tulo take adzakhala zii, manja atagwa, akupuma mofanana. Kenako zikope zidzayamba kugwedera, milomo idzachita ngati akuyamwa, dzanja lidzapita kumaso, mutu udzatembenuka uku ndi uku. Pamenepo ndiye pamalire.

Wanga ali ndi miyezi itatu. Kodi ndalakwitsa penapake?

Ayi. Pa msinkhu umenewu tulo tatifupi ta masana n'tofala kwambiri, ndipo ndingakupempheni kuti musamalimbane nato. Khanda lobadwa kumene limalowa m'tulo kudzera m'tulo topepuka tija timene limamwetulira, kusisima ndi kudzidzimuka, ndipo pafupifupi theka la tulo take tonse timakhala totere. Chapamiyezi itatu kapena inayi kagonedwe kamasintha n'kuyamba kufanana ndi ka munthu wamkulu, ndipo malire a ndime amaonekera kwambiri. N'chifukwa chake amayi ambiri amadandaula kuti mwana amene ankagona maola awiri ali ndi milungu isanu ndi umodzi wasanduka wa theka la ola atakwana miyezi inayi. Sikuti wabwerera m'mbuyo. Ubongo wake ukukhwima.

Tulo ta usiku ndi timene timayamba kulumikizana, ta masana timatsatira pambuyo, kwa ana ambiri pakati pa miyezi isanu ndi isanu ndi iwiri. Isanafike nthawi imeneyo, mwana akhoza kugona kanayi kapena kasanu pa tsiku, theka la ola ulendo uliwonse, n'kumakula bwinobwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2019, limati mwana wosapitirira miyezi itatu agone maola 14 mpaka 17, ndipo wa miyezi 4 mpaka 11 agone maola 12 mpaka 16. Maolawa ndi a usana ndi usiku pamodzi. Malangizowo sanena kuti kugona kwa masana kulikonse kuzitenga nthawi yakutiyakuti.

Nanga ndidziwa bwanji ngati theka la olalo lamukwanira?

Yang'anani mwana, wotchi ibwere pambuyo. Mwana amene tulo tamukwana amadzuka ali phee, amayang'ana kudenga, amasewera ndi zala zake, mukamusuzumira amamwetulira, ndipo amatha kukhala maso mosangalala kwa ola limodzi ndi theka kapena kuposa. Wotere musamukakamize kuti agonenso. Mudzangotaya ola lonse m'chipinda nonse awiri n'kutulukamo mutakwiyitsana.

Amene tulo sitinamukwane amadzuka akulira maso ali chitsinzire, amakhuta nkhope pachifuwa panu, amatikita maso, ndipo mukamutulutsa panja pakangopita mphindi 20 wayambanso kunyinyirika. Madzulo amakhala wosagwirika. Ameneyu ndiye wofunika kumuthandiza kuoloka, ndipo zonse zotsatirazi ndalembera iyeyu.

Azikhala maso nthawi yaitali bwanji ndisanamugoneke?

Apa ndi pamene ndimayambira nthawi zonse, chifukwa n'posavuta kusintha ndipo pamakonza zambiri. Popeza chimene chimamuolotsa masana ndi kutopa kokha, mwana amene mwamugoneka asanatope mokwanira adzagona ndithu, makamaka pabere, koma akamaliza ndime imodzi basi tulo tatha. Adzadzuka akuseka.

Mwachidule, wa mwezi umodzi satha kupitirira ola limodzi ali maso. Wa miyezi itatu kapena inayi amakwanitsa ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri. Wa miyezi isanu ndi umodzi amakwanitsa maola awiri mpaka atatu, ndipo wa miyezi isanu ndi inayi maola atatu kapena kuposerapo. Manambalawa ndi poyambira chabe, si lamulo. Ana anga atatu anasiyana wina ndi mnzake ndi theka la ola lathunthu pa msinkhu umodzimodzi. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri n'lakuti mayi anazolowera ndondomeko ya mwana ali ndi miyezi itatu, mwana wakula, koma akumugonekabe pakangotha ola limodzi chifukwa wamuona akuyasamula kamodzi. Pa miyezi isanu kuyasamula kumodzi sikutanthauza tulo. Nthawi zina watopa ndi malo amene mwamukhazikawo. Mutulutseni akaone nkhuku pabwalo, ndipo mudzaona watsitsimuka.

Kumbali inayi kulinso dzenje. Mwana amene wapitirira nthawi yake kwambiri amalira povuta kumutonthoza, amapinda msana, amagona mochita kugwa, kenako amadzuka msanga akulira. Kadzukidwe kake ndi kamene kangakuuzeni mbali imene mwaphonya. Akadzuka wosangalala, mawa lake onjezerani mphindi 15 pa nthawi imene amakhala maso. Akadzuka akulira atavutanso pogona, chotsani mphindi 15. Mukasintha, khalani pomwepo masiku atatu musanasinthenso, chifukwa tsiku limodzi silingakuuzeni zoona.

Kumbuyo amagona maola awiri, koma pamatiresi theka la ola. Chifukwa chiyani?

Chifukwa kumbuyo amaolotsedwa. Akafika pamalire paja n'kuyamba kugwedera, amapeza zonse zili mmene anazisiyira: kufunda kwa msana wanu, fungo lanu, chitenje chomukumbatira, ndi kugwedezeka pamene mukusesa kapena mukupita kumjigo. Inu nomwe, osadziwa, mukamva wasuntha mumadzigwedeza pang'ono kapena kumusisita kumatako, ndipo amamiranso. Ndime ziwiri kapena zitatu zimalumikizana choncho popanda wina kuziganizira.

Tsono taganizirani za mwana amene wagonera pabere, m'manja mwa mayi ake, kenako n'kunyamulidwa kukaikidwa pakama. Akafika pamalire amatsegula maso pang'ono kuti aone ngati zonse zili bwino, ndipo amapeza kuti palibe chimene chili mmene chinalili. Ngakhale inu mutagona pakama panu n'kutsegula maso muli pakhonde, simungangotembenuka n'kupitiriza tulo. Mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi ndi imeneyi: mmene zinthu zinalili pamene tulo tinkamutenga, azipeze zili choncho akafika pamalire.

Kubereka mwana kuti agone si kumuwononga. Amayi athu anatilera choncho, ndipo kwa mwana wosafika miyezi isanu ndi njira yabwino kwambiri yoti apeze tulo tatitali kamodzi pa tsiku. Ngati kubereka kukukuyenderani bwino, ndipo msana sukupweteka, palibe chokonza. Chenjerani ndi zinthu zitatu zokha. Nkhope yake izikhala poyera, mphuno ndi pakamwa zisakanikizike pamsana panu kapena kukwiririka m'chitenje. Chibwano chisagwere pachifuwa chake, chifukwa zimenezo zimapinda njira ya mpweya, makamaka kwa khanda limene khosi silinalimbe kapena lobadwa masiku asanakwane. Ndipo musaweramire naye pautsi wa mbaula kapena wa nkhuni, ngakhale pafupi ndi mphika wowira.

Amene akufunika kuphunzitsa mwana kugona pansi ndi mayi amene tchuthi chake cha uchembere chikutha, amene ali ndi mapasa, amene anachitidwa opareshoni, kapena amene wangotopa. Zifukwa zonsezi n'zomveka.

Ndiye ndichite chiyani kwenikweni? Ndiuzeni mwatsatanetsatane.

Ndikuuzani mmene tinachitira ndi mwana wa mng'ono wanga, wamkazi, ali ndi miyezi isanu ndi theka. Mayi ake ankabwerera kuntchito patangotsala milungu itatu, ndipo amene ankadzasala naye anali agogo ake, amene sakanatha kumubereka tsiku lonse.

Masiku atatu oyamba sitinasinthe kanthu. Tinangolemba kuseri kwa kalendala nthawi imene wadzuka m'mawa, nthawi imene maso atsekeka, ndi nthawi imene atseguka. Ankadzuka cha m'ma 6 koloko. Pofika 7:15 mayi ake ankamuyamwitsa mpaka agone, n'kumuika pakama. Manambala anatuluka motere: mphindi 32, 31, 33. Titawaona tinadziwa zinthu ziwiri, kuti malire ake ali cha pa mphindi 31, komanso kuti ola limodzi ndi mphindi 15 ali maso zinali zochepa pa msinkhu wake.

Tinasankha kugona kumodzi kokha, kwa m'mawa, chifukwa ndi kumene kumayamba kutalika kwa ana ambiri, ndiponso kunja kumakhala kusanatenthe. Kugona kwa masana ndi kwa madzulo tinakusiya kuti azigonera kumbuyo ataberekedwa monga kale, kuti mwana asasowe tulo pamene tikuyesa. Ichi musachidumphe. Mukasintha zonse tsiku limodzi, mwana amatopa mopitirira, usiku umasokonekera, ndipo simudziwanso chimene chikugwira ntchito.

Nthawi yogona tinaikankhira pang'onopang'ono mpaka 8 koloko. Kuyamwa tinakusunthira ku 7:30, pakhonde powala, kuti akhute ali maso. Itatsala pang'ono 8 koloko mayi ake ankalowa naye m'chipinda, kumusintha thewera, kutchinga zenera ndi chitenje chakuda, kumuyimbira kanyimbo kamodzi komweko tsiku lililonse, n'kumugoneka chagada maso atalemera koma asanatsekeke. Neti ankaitsitsa n'kuipisa kunsi kwa matiresi, kusiya mbali imodzi yolowetsera dzanja. Dzanjalo linkakhala pachifuwa cha mwana, likusisita pang'onopang'ono, mayi akuti shhh, mpaka tulo titamutenga pomwepo pamatiresi.

Tsopano mbali yofunika kwambiri. Maso akatsekeka, tinene 8:10, ankayang'ana wotchi n'kutuluka. Pa 8:36, kutatsala mphindi zisanu kuti afike pamalire ake, ankabwerera n'kukhala pambali pa kama mwakachetechete. Akangoona zikope zikugwedera, asanalire, ankabwezera dzanja pachifuwa n'kuyambanso shhh yomwe ija, osamuyankhula, osamuyang'ana m'maso, osamunyamula. Kuthamanga kuchokera kukhitchini mwana atayamba kale kulira ndi kuchedwa, chifukwa pamenepo wadzukiratu. Nzeru yonse ndi kufika iye asanafike.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri zinakanika. Anatsegula maso, kuona mayi ake, n'kuseka. Titaona choncho tinasuntha mpando kuti mayi akhale chakumutu kwake, kumene mwana sangaone nkhope, dzanja lokha n'kumufikira. Tsiku lachitatu analira pang'ono, mayi anamunyamula, atatonthola anamubwezera, ndipo patapita mphindi khumi anagonanso mpaka 9:30. Tsiku lachisanu dzanja lokha linakwanira. Chakumapeto kwa mlungu wachiwiri mayi ake anakhala pampando paja n'kumuona akutembenuza mutu, kuika chala m'kamwa, n'kupitiriza tulo popanda kumukhudza. Atatero m'pamene tinayamba kuchita zomwezo ndi kugona kwa masana, agogo ake akuonerera kuti adzatengere.

Tinali ndi malire athu. Ngati pakatha mphindi 15 kapena 20 sanagonenso, tinkachotsa chitenje pazenera, kumunyamula mosangalala, ndipo kugona kotsatira tinkakufulumizako pang'ono. Kugona kwake komaliza, kwa cha m'ma 4 koloko, sikunatalike konse. Kunakhalabe theka la ola mpaka kunatha kokha patapita miyezi ingapo, ndipo ndi mmene kumayenera kukhalira. Ntchito yake ndi kumufikitsa usiku basi.

Akangolira ndithamange, kapena ndimusiye?

Mvetserani kaye kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Makanda amachita phokoso ali m'tulo: amasisima, amabuula, ena amalira kamodzi kapena kawiri maso ali otseka. Mwana wanga woyamba ndinkamudzutsa ndekha kambirimbiri pomunyamula akungodutsa pamalire, ndipo ndinazindikira mochedwa. Ngati kaphokosoko kakutsika ndi kukwera, ndipo pakati pake pali kupuma, dikirani. Ngati kulira kukukulirakulira, pitani. Khanda la miyezi yochepa musalisiye likulira lokha kuti liphunzire. Pa msinkhu umenewo silinafike potha kudzitonthoza.

Apongozi akuti akudzuka ndi njala, ndimuyambitse phala. Ali ndi miyezi inayi.

Njala ikhozadi kudula tulo, koma yankho lake pa miyezi inayi ndi bere, osati phala. Malangizo a kuchipatala ndi omveka: mwana ayamwe bere lokha mpaka atakwana miyezi isanu ndi umodzi, popanda phala, madzi kapena tiyi. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba koma silifika pa mkaka wa m'mawere, limachepetsa kuyamwa, ndipo limatsegula khomo la matenda otsegula m'mimba. Komanso silichotsa malire a ndime ya tulo. Mwana wokhuta phala amafika pamalire paja chimodzimodzi.

Chimene chimachitika kawirikawiri pa msinkhu umenewu n'chakuti mwana wayamba kuchita chidwi ndi chilichonse. Amayamwa pang'ono, wina akadutsa wasiya bere n'kucheuka. Kenako pogona amayamwa mphindi zitatu tulo n'kumutenga asanakhute. Muyamwitseni pamalo opanda chipwirikiti, amalize bere limodzi musanamupatse linalo, ndipo mumugeyetse musanamugoneke. Chizindikiro choti akukhuta ndi matewera onyowa kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, ndi mzere wa kulemera kwake umene ukukwera m'buku la kusikelo. Apongozi akufunira mdzukulu wawo zabwino. Pitani nawo kusikelo ulendo wotsatira kuti akamve okha kwa anamwino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, mawu asachokere kwa inu.

Kugonera pabere pakokha si kulakwa. Ngati mwana amagonera pabere n'kumagona nthawi yaitali, pitirizani. Ngati amadzuka pa theka la ola akufufuza bere ndi kukamwa, pamenepo ndi pamene kulekanitsa kuyamwa ndi kugona ndi mphindi 20 kapena 30 kumathandiza.

Nyumba yathu ndi ya malata, pali ana ena, ndipo oyandikana nawo amatsegula wailesi. Zingatheke?

Phokoso losalekeza silidzutsa mwana. Chimene chimamudzutsa ndi phokoso ladzidzidzi likamugwera ali pamalire, monga chitseko kumenyetseka kapena mbale kugwa. Popeza tsopano mukudziwa mphindi yake, simukufunika kuletsa nyumba yonse kuyankhula kwa maola awiri. Tetezani mphindi khumi zokhazo. Ana enawo atumeni panja nthawi imeneyo. Fani, ngati muli nayo ndipo magetsi alipo, imathandiza pawiri: imaziziritsa, ndipo kulira kwake kumaphimba maphokoso ena. Isaloze pa mwana mwachindunji.

Kutentha ndiko kumandidetsa nkhawa kwambiri kuposa phokoso. Mwezi wa Okutobala, chipinda cha malata chopanda siling'i masana chimakhala ngati uvuni, komabe mumapeza mwana wavekedwa chipewa, sokosi ndi juzi, n'kufunditsidwa shawelo. Mwana wotenthedwa sagona bwino, ndipo kutenthedwa kwambiri m'tulo n'koopsa kwa khanda. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake kapena pachifuwa. Pakakhala thukuta, muvuleni chovala chimodzi. Manja ndi mapazi sangakuuzeni zoona chifukwa amazizira ngakhale thupi likutentha. Nyengo yotentha thewera ndi kamalaya kopepuka n'zokwanira, ndipo ngati chipinda sichikupiririka, mphasa pamthunzi wodutsa mphepo, inu muli pomwepo, iposa chipinda chamdima chotentha.

Ndikamugoneka chafufumimba amagona nthawi yaitali. Ndipitirize?

Musatero, ngakhale n'zoona kuti ana ambiri amagona kwambiri akagona choncho. Kugona chafufumimba kumawonjezera ngozi yoti khanda limwalire mwadzidzidzi lili m'tulo, ndipo ola limodzi la tulo silingalipire ngozi imeneyo. Mpaka atakwana chaka chimodzi, mugonekeni chagada nthawi zonse, masana ndi usiku, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo, zidole kapena mulu wa zofunda pafupi ndi nkhope. Kugoneka chammbali n'kumutsamiritsa ndi nsalu zopindapinda sikuthandiza, chifukwa amagubudukira pamimba. Akadzafika potembenuka yekha mbali zonse ziwiri, muzimuikabe chagada, koma akadzitembenuza simufunika kumubweza. Mukaona wayamba kuyesa kutembenuka, siyani kumukulunga manja m'nsalu, ndipo musamusiyenso yekha pakama lalitali lopanda chotchinga. Mwana wogwa pakama nthawi zambiri ndi amene dzulo lake sankatembenuka.

Malo amodzi oopsa kwambiri ndi pasofa. Mayi wotopa amakhala pansi kuti mwana apitirize tulo pachifuwa, iyenso tulo n'kumuba, mwana n'kutsetserekera pakati pa thupi ndi khushoni. Mukamva kuti mukusinza, mugonekeni pamalo ake.

Mnzanga anandiuza za mankhwala a chimfine amene amagonetsa ana.

Musamupatse. Mankhwala a chimfine ndi a ziwengo amene amabweretsa tulo si a makanda, ndipo akhoza kufooketsa kapumidwe kawo. Chimodzimodzinso mankhwala azitsamba omwetsa. Tulo tatifupi si matenda ofuna mankhwala.

Ankalumikiza bwino, koma mlungu uno wabwerera ku theka la ola.

Zimachitika, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Mwana amene akuphunzira kutembenuka, kukhala kapena kukwawa amafika pamalire n'kuyamba kuyeserera m'malo mogonanso. Chimfine chotseka mphuno, mano akamamera, ulendo wa kumudzi, zonsezi zimasokoneza. Ngati palibe chimodzi mwa izi ndipo zapitirira milungu iwiri, ganizirani za msinkhu. Mwina wakula moti akufunika kukhala maso nthawi yaitali, kapena kugona kumodzi kwa masana kwafika pochotsedwa. Ana ambiri amachoka pa katatu kupita pa kawiri pakati pa miyezi isanu ndi iwiri ndi isanu ndi inayi.

Ndi liti pamene nkhaniyi si ya tulo, koma ya kuchipatala?

Mwana wa tulo tatifupi amene akuyamwa bwino, akusewera ndipo akukwera sikelo sakudwala. Amene amandiopsa ine ndi wosiyana naye, amene dzulo ankadzuka pa theka la ola koma lero wagona maola anayi masana, mukamudzutsa ali lefu ndipo akukana bere. Musasangalale kuti pomaliza waphunzira kugona. Mugwireni thupi. Kwathu kuno kumene malungo ali paliponse, mwana wofooka kapena wotentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, ndipo khanda losafika miyezi itatu likangotentha thupi musadikire kuti kuche.

Pitani msanga ngati akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akugwedezeka thupi, liwombo lalowa m'kati kapena latukuka, kapena pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamapuma. Kapumidwe mukhoza kukawerenga nokha mwana ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu. Kwa khanda losafika miyezi iwiri, kupuma ka 60 kapena kuposa n'kothamanga. Kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, ndi ka 50.

Pali zina zosafuna kuthamanga usiku koma zoyenera kuzitchula kusikelo. Mwana amene amadzuka akulira mopweteka nthawi iliyonse mukamugoneka, akupinda msana ndi kubweza mkaka wambiri, akhoza kukhala kuti mkaka ukumubwerera kukhosi n'kumamuwotcha. Wogwiragwira khutu ndi kulira akagona, makamaka pambuyo pa chimfine, akayang'anidwe m'khutu. Wodzikanda usiku ndi usana akaonedwe khungu. Ndipo wochita mkonono tsiku lililonse, wogona kukamwa kuli yasa kapena wooneka ngati akubanika m'tulo, afotokozereni adokotala. Tengani kalendala yanu ija imene mwalembapo nthawi, pamodzi ndi buku la kusikelo, kuti akakufunsani kuti zinayamba liti mudzakhale ndi poloza.